Airflow ikuti zonse zayenda bwino, koma lipoti likuonetsa malonda akale: kupeza pomwe deta yatsakamira

Dandaulo lake limabwera mofanana nthawi zonse. Woyang'anira malonda atsegula lipoti m'mawa n'kupeza manambala omwe anawaona kale, kapena manambala ochepa moti sangawakhulupirire. Inu mutsegula Airflow, pulogalamu imene imayendetsa ntchito zosamutsa deta pa nthawi yake, n'kupeza timabokosi tonse tili tobiriwira, ntchito iliyonse yalembedwa `success`. Apa ndi pamene ambiri amayankha kuti "kuno zili bwino," ndipo yankho limeneli ndi limene limachedwetsa zinthu. Kabokosi kobiriwira kamangonena kuti pulogalamu inayamba, inatha, ndipo sinakumane ndi vuto panjira. Sikanena kuti deta yatsopano yafika. Ntchito imene yakopa mizere 0 imathanso bwinobwino, mwinanso mofulumira kuposa masiku onse.

Choncho thanzi la paipilaini yobwerezabwereza, njira imene deta imadutsa kuchokera ku gwero kupita ku lipoti, tisaliyeze poyang'ana ntchito. Tiliyeze poyang'ana deta yeniyeniyo, pamalo pomwe owerenga lipoti amaitenga, n'kufunsa kuti chinthu chatsopano kwambiri chimene chili pamenepa chinachitika liti.

Kuti nkhani imveke tigwiritse ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kampani ya magolosale imene ili ndi nthambi m'matauni angapo. Makina ogulitsira a pakauntala amatumiza malonda ku detabesi yaikulu ya PostgreSQL. Detabesi imeneyi ili ndi kope lake pa seva ina, limene limalandira zosintha mosalekeza, kuti ofuna kuwerenga asamalemetse yaikuluyo. Mphindi 5 zikapitirira pa ola lililonse, Airflow imawerenga mizere yatsopano kuchokera ku kopelo n'kuilemba mu nkhokwe ya deta, momwe malipoti amachokera. Ntchitoyi imatenga mphindi pafupifupi 8.

Nthawi zitatu zimene mzere uliwonse uyenera kukhala nazo

Musanayeze chilichonse, onetsetsani kuti tebulo la mu nkhokwe lili ndi nthawi zitatu zosiyana. Yoyamba ndi `sold_at`, nthawi imene kasitomala analipira, yolembedwa ndi makina a pakauntala. Yachiwiri ndi `updated_at`, nthawi imene detabesi yaikulu inalemba kapena kusintha mzerewo. Yachitatu ndi `loaded_at`, nthawi imene paipilaini inauika mu nkhokwe.

Mpata wa pakati pa `sold_at` ndi `updated_at` ndi kuchedwa kwa kunthambi: magetsi, netiweki, makina osunga malonda n'kudzatumiza pambuyo. Mpata wa pakati pa `updated_at` ndi `loaded_at` ndiwo kutsalira kwa paipilaini yanu. Ndipo mpata wa pakati pa panopa ndi `updated_at` yatsopano kwambiri ndiwo msinkhu wa deta, umene woyang'anira malonda amaumva kuwawa. Mukasakaniza zitatuzi mumathera kudzudzula paipilaini pa vuto la kunthambi, kapena kudzudzula nthambi pa vuto lanu lomwe.

Msampha wofala ndi kuyeza `loaded_at` yokha. Ngati paipilaini imafufuta tebulo lonse n'kulilembanso ulendo uliwonse, `loaded_at` idzakhala yatsopano nthawi zonse ngakhale zolembedwazo zili zadzulo. Kuli ngati kutenthetsa mkute: mbale ndi yotentha, koma nsima ndi ya dzulo. Amene mumagwiritsa ntchito `dbt source freshness`, muonetsetse kolamu imene mwaika pa `loaded_at_field`, chifukwa dbt imakhulupirira kolamu imene mwaipatsa, siifufuza ngati ikunena zoona.

Tsiku la vuto: kutsata deta chobwerera m'mbuyo

Nthawi ili 10:40 m'mawa, dandaulo lafika. Yambirani ku nkhokwe, osati ku Airflow.

```sql
SELECT now() - max(updated_at) AS msinkhu,
       now() - max(loaded_at)  AS chilembereni
FROM dw.sales;
```

Tinene kuti `msinkhu` watuluka `03:48:00` ndipo `chilembereni` watuluka `03:27:00`. Ndiye kuti mzere watsopano kwambiri ndi wa 06:52, ndipo nkhokwe inalandira kanthu komaliza 07:13, pamapeto pa ulendo wa 07:05. Maulendo a 08:05, 09:05 ndi 10:05 anayenda, anatha bwino, koma sanabweretse mzere ngakhale umodzi. Onaninso kanthu kena kakang'ono: ulendo wa 07:05 unayenera kubweretsa malonda a mpaka cha m'ma 07:05, koma unalekezera pa 06:52. Choncho vuto linayamba ulendo umenewu usanayambe, ndipo lili kumtunda kwa Airflow.

Tsopano funsani funso lomweli, la `max(updated_at)`, ku detabesi yaikulu. Ngati nayonso ikuti 06:52, paipilaini ilibe mlandu. Malonda sakufika kuchokera kunthambi ndipo muyenera kukafufuza kumeneko. Koma tinene kuti yayankha 10:39. Deta ilipo ku gwero, kulibe ku nkhokwe, ndipo pakati pa ziwirizi pali kope lija. Pa kopelo yendetsani ili:

```sql
SELECT now() - pg_last_xact_replay_timestamp() AS kutsalira,
       pg_wal_lsn_diff(pg_last_wal_receive_lsn(),
                       pg_last_wal_replay_lsn()) AS zodikira;
```

Kolamu yoyamba ikunena kuti papita nthawi yaitali bwanji chilembereni ku detabesi yaikulu chosintha chomaliza chimene kopeli lachiika m'matebulo ake. Yachiwiri ndiyo imasiyanitsa matenda awiri amene amaoneka ofanana kunja. Ikuwerenga mabaiti amene kope lalandira koma silinawaike. Ikakhala 0 pamene detabesi yaikulu yapita patali, kope silikulandira n'komwe. Yang'anani `pg_stat_wal_receiver`, ndipo mukapeza mulibe mzere, kulumikizana kwaduka. Ikakhala nambala yaikulu imene ikungokulirakulira, zosintha zikufika koma china chake chikuletsa kuziika.

Pa chitsanzo chathu nambalayo ndi yaikulu. Choyambitsa chimene chimapezeka kawirikawiri ndi ichi. PostgreSQL ikafuna kuika chosintha pa kope, koma chosinthacho chikuwombana ndi funso limene wina akuyendetsa pa kopelo, imadikira kwa nthawi yoikidwa pa `max_standby_streaming_delay`. Mukapanda kusintha, nthawiyi ndi masekondi 30, ndipo ikatha funsolo limadulidwa ndi uthenga wakuti `canceling statement due to conflict with recovery`. Olemba malipoti amadana nawo uthengawu, ndipo pofuna kuwakhazika mtima pansi wina amaika -1, kutanthauza kuti kope lizidikira mpaka funsolo lithe, kaya litenga nthawi yaitali bwanji. Zimayenda bwino kwa miyezi, mpaka tsiku limene wina ayendetsa funso lolemera kapena asiya thiranzakishoni yotsegula n'kupita ku msonkhano. Kope limaima pa nthawi imeneyo, koma likupitirizabe kuyankha mafunso onse mosavuta ndi deta yakale. N'chifukwa chake Airflow sinaone cholakwika.

Pa kope lomwelo, yang'anani mu `pg_stat_activity` mizere imene `xact_start` yake ndi yakale kwambiri. Mupeza imodzi yoyamba cha m'ma 06:50. Lankhulani ndi mwini wake ngati akupezeka, kenako iduleni ndi `pg_terminate_backend`. Nambala ya zodikira iyamba kutsika pompo. Kuti zisabwerenso, chotsani -1 n'kuika malire amene mungawapirire, monga mphindi 10. Ena amayatsa `hot_standby_feedback`, imene imachepetsa kuwombana kwa mtundu wofala, koma mtengo wake ndi woti detabesi yaikulu imasunga mizere yakufa nthawi yaitali ndipo matebulo amatupa. Ine ndimakonda malire oonekeratu kusiyana ndi kusamutsira vuto ku detabesi imene ikulandira ndalama.

Kope lachira, koma kodi mizere yosowayo ibwera yokha?

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ambiri amasangalala kuti msinkhu wa deta watsika n'kutseka nkhani, osadziwa kuti pakati patsala dzenje.

Zimadalira mmene paipilaini imakumbukira pomwe inalekezera. Ngati imasunga `updated_at` yatsopano kwambiri imene inaionadi, polekezera pake pakadali pa 06:52, ndipo ulendo wa 11:05 utenga zonse zotsalira. Palibe chochita koma kudikira kapena kuuyambitsa msanga.

Koma ngati imasunga nthawi imene ntchito inayenda, polekezera pafika kale pa 10:05. Ulendo wotsatira uyamba pamenepo, ndipo malonda a kuyambira 06:52 mpaka 10:05 sadzalowa mu nkhokwe mpaka kalekale. N'chimodzimodzi ngati mumawerenga ndi `data_interval_start` ndi `data_interval_end` za Airflow: ulendo uliwonse uli ndi ola lakelake, ndipo umene unalembedwa `success` subwerezedwa wokha. Muyenera kubwereza ndi manja maulendo anayi, osati atatu. Atatu amene anabwera opanda kanthu ndi oonekeratu, koma wa 07:05, umene unali wa ola la 06:05 mpaka 07:05, unaphonya mphindi 13 zomaliza, ndipo ndi umene anthu amauiwala chifukwa unabweretsako mizere.

Njira yabwino yotetezera ndi kuika cheke patsogolo pa ntchito yokopa. Isanawerenge chilichonse, ifunse kope kuti latsalira motani, ndipo likakhala kuti silinafike pa mapeto a ola limene ikufuna kukopa, ntchitoyo ilephere dala. Kabokosi kofiira pa 07:05 kakanakupulumutsani ku maola atatu ndi theka a lipoti lolakwika.

Malire a alamu

Msinkhu wa deta pa paipilaini ya ola lililonse sukhala malo amodzi ngakhale zonse zili bwino. Ulendo ukangotha, mphindi 13 zitapitirira pa ola, deta imakhala ndi mphindi 8, chifukwa inawerengedwa pachiyambi pa ulendowo. Kenako imakula mphindi ndi mphindi mpaka kufika 68, pamene ulendo wotsatira watsala pang'ono kutha, n'kugweranso pa 8. Woika alamu pa mphindi 60 chifukwa "paipilaini ndi ya ola lililonse" adzaimva ikulira ola lililonse, ndipo pakutha kwa sabata aliyense adzakhala ataitseka pakamwa.

Werengani motere: mpata wa pakati pa maulendo, kuphatikiza nthawi imene ulendo umatenga, kuphatikiza danga la kuyesanso kamodzi. Pa chitsanzo chathu chenjezo likhale pa mphindi 90. Ulendo umodzi ukaphonyeka kotheratu msinkhu umafika pa 128 usanagwe, choncho alamu yodzutsa munthu ikhale pa 135. Ikalira ndiye kuti ulendo wachiwirinso sunabweretse kanthu. Manambalawa muwayerekeze ndi zimene owerenga lipoti angapirire. Ngati sangathe kudikira maola awiri, yankho si kutsitsa alamu ayi, koma kuyendetsa paipilaini pafupipafupi.

Usiku, masitolo akatseka

Mukaika alamu pa `max(updated_at)` ya tebulo la malonda, idzalira usiku uliwonse ndi tsiku lililonse la tchuthi, chifukwa palibe akugula. Deta yakalamba, koma palibe chawonongeka. `pg_last_xact_replay_timestamp()` nayo ili ndi khalidwe lomweli: detabesi yaikulu ikakhala chete, nambala ya kutsalira imangokula ngakhale kope lili pamodzimodzi ndi yaikuluyo.

Mankhwala ake ndi katebulo ka mzere umodzi kamene `cron` imakasintha mphindi iliyonse pa detabesi yaikulu:

```sql
UPDATE heartbeat SET updated_at = clock_timestamp() WHERE id = 1;
```

Mzere umenewu uzidutsa njira yomwe malonda amadutsa: kope lomwelo, ntchito yomweyo ya Airflow, nkhokwe yomweyo. Dongosolo lake ndi lofunika. Uziwerengedwa pachiyambi pa ulendo, malonda asanawerengedwe, koma uzilembedwa mu nkhokwe pamapeto, malonda atalembedwa kale bwinobwino. Mukatero, nthawi imene ili mu `dw.heartbeat` ikutanthauza kuti paipilaini inaona gwero monga linalili pa nthawi imeneyo ndipo inamaliza kulemba, kaya kunali malonda kaya kunalibe. Alamu ya paipilaini iziyang'ana pamenepa. Dziwani malire ake: katebuloka kamatsimikizira kuti njira ndi yotseguka, sikatsimikizira kuti nthambi zikutumiza.

Za nthambi, `max()` ya tebulo lonse imabisa zambiri. Nthambi imodzi ikamatumiza, nambala imaoneka yabwino ngakhale ina yakhala chete chiyambire dzulo. Yezani nthambi iliyonse payokha, poyambira pa tebulo la nthambi, kuti imene ilibe mzere n'komwe nayo ioneke:

```sql
SELECT b.name, now() - max(s.updated_at) AS msinkhu
FROM dw.branches b
LEFT JOIN dw.sales s ON s.branch_id = b.id
GROUP BY b.name
ORDER BY msinkhu DESC NULLS FIRST;
```

Cheke ichi chizigwira ntchito nthawi ya malonda yokha, ndipo uthenga wake uzipita kwa oyang'anira nthambi, osati kwa okonza paipilaini. Onani kuti tagwiritsa ntchito `updated_at`, osati `sold_at`. Wotchi ya makina a pakauntala si yoidalira. Makina amodzi okhala ndi deti la mawa amachititsa nthambi yonse kuoneka yatsopano mpaka mawalo lifike.

Nambala ikakhala maola awiri ndendende

Mukaona kuti msinkhu sutsika pansi pa maola awiri ngakhale ulendo wangotha kumene, kapena watuluka ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, musafufuze paipilaini. Malawi ndi Zambia ali maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse, ndipo maseva ambiri, kuphatikizapo Airflow mukapanda kuisintha, amayendera UTC. Kolamu ya mtundu wa `timestamp without time zone` imasunga manambala okha osanena kuti ndi nthawi ya kuti. Gwero likalemba nthawi ya UTC, nkhokwe n'kuiwerenga ngati ya `Africa/Blantyre`, deta imaoneka yokalamba ndi maola awiri owonjezera. Zikakhala mosemphana, deta imaoneka ngati yochokera m'tsogolo.

Mwa ziwirizi choopsa ndi chachiwiri. Choyamba chimakusowetsani mtendere ndi alamu zabodza, ndiye mumachikonza msanga. Chachiwiri chimachedwetsa alamu yeniyeni ndi maola awiri, ndipo palibe amadandaula. Sungani nthawi zonse zitatu ngati `timestamptz`, ndipo alamu yanu izilira msinkhu ukatsika pansi pa 0.

Deta yatsopano koma yosakwanira

Pali vuto lina limene miyeso yonse ya pamwambayi siingaligwire. Mu PostgreSQL, `now()` imapereka nthawi imene thiranzakishoni inayamba, osati imene inamalizika. Tinene kuti nthambi imene inalibe netiweki yayamba kutumiza malonda ake onse 09:03, ndipo thiranzakishoniyo yamalizika 09:07. Mizere yake yonse ili ndi `updated_at` ya 09:03. Paipilaini inawerenga 09:05, mizereyo isanaonekere, n'kusunga polekezera pa 09:04 chifukwa cha malonda a nthambi zina. Ulendo wa 10:05 ufunsa zoposa 09:04, ndipo mizere ya 09:03 yadumphidwa. Msinkhu uli bwino, `heartbeat` ili bwino, koma ndalama za nthambiyo sizikugwirizana ndi za mu lipoti.

Kusintha `now()` kukhala `clock_timestamp()` kumachepetsa mpatawo koma sikuutseka, chifukwa mzere suonekerabe mpaka thiranzakishoni itamalizika. Chimene chimagwira ntchito ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono ulendo uliwonse. Werengani kuyambira pa polekezera kuchotsapo mphindi 15, kapena nthawi iliyonse yoposa thiranzakishoni yanu yaitali kwambiri, ndipo lembani ndi `INSERT ... ON CONFLICT ... DO UPDATE` kuti mizere yowerengedwa kawiri isachuluke. Kenako kamodzi patsiku werengani mizere ya dzulo ola ndi ola, ku detabesi yaikulu ndi ku nkhokwe, n'kuyerekeza. Nkhokwe ikapereweza, mwadumpha mizere, ndipo ola lake likuuzani pofufuza. Nkhokwe ikachulukitsa, mwina mwalemba kawiri, mwina gwero linafufuta mizere, pakuti paipilaini yotsata `updated_at` siona zofufutidwa.

Woyeza asakhale m'kati mwa choyezedwa

Cheke cha msinkhu chikakhala ntchito ina ya mu Airflow yomweyo, tsiku limene `scheduler` yafa nacho chimafa. Palibe ntchito imene imalephera, chifukwa palibe imene yayamba, choncho palibe uthenga umene umatumizidwa. Ikani woyeza pa seva ina, azifunsa nkhokwe mwachindunji mphindi zingapo zilizonse.

Ngati mumagwiritsa ntchito Prometheus, tumizani nthawi yeniyeni ya `heartbeat` m'masekondi, osati msinkhu wowerengetsera kale. Nambala ya msinkhu ikasiya kusinthidwa imatha kuuma pa mphindi 20 n'kumaoneka yabwino tsiku lonse, pamene nthawi ikauma, kusiyana kwake ndi panopa kumakulabe ndipo alamu imalira. Malamulo ake ndi awiri:

```
time() - dw_heartbeat_timestamp_seconds > 8100
absent(dw_heartbeat_timestamp_seconds)
```

Loyamba ndi mphindi 135 zija zitasandutsidwa masekondi. Lachiwiri limalira nambalayo ikasoweratu, chifukwa lamulo loyamba silingayerekeze chinthu chimene kulibe, ndipo limangokhala chete.

Mukamaliza kuika zonsezi, ziyeseni dala tsiku la ntchito, mutawauza anzanu. Pa kope yendetsani `SELECT pg_wal_replay_pause();` n'kudikira. Cheke cha patsogolo pa ntchito yokopa chiyenera kulepheretsa ulendo wotsatira, ndipo chenjezo la mphindi 90 liyenera kufika pa foni ya munthu amene ali pa ntchito tsiku limenelo. Likafika, yendetsani `SELECT pg_wal_replay_resume();`, bwerezani maulendo olepherawo, ndipo yerekezani kuchuluka kwa mizere ya maola amenewo mbali zonse ziwiri.